Ndinalemba zoona zokhazokha za kuukira kwa 1915, nanga malikisi apita kuti?

Nachisale_Thondwe

Akuluakulu, ndikupempha mundithandize kumvetsa chimene ndinalakwitsa. Ndili chaka choyamba ku yunivesite, ndipo pa phunziro la mbiri yakale anatipatsa funso lakuti tikambe ngati thangata ndiye anali gwero lalikulu la kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Anati chimangirizo chisapitirire mawu 1,500. Ine ndinawerenga mokwanira ndipo ndinalemba zonse mwadongosolo: kukumana kwake ndi Joseph Booth, ulendo wake wa ku Amereka mu 1897, kubwerako kwake mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, nkhanza za pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, usiku wa pa 23 Januwale 1915 pamene William Jervis Livingstone anaphedwa, mpaka imfa ya Chilembwe pa 3 Febuluwale. Palibe chaka kapena dzina limene wochonga anadula kuti n'lolakwika. Komabe ndapeza 48 pa 100, ndipo kumapeto analemba mawu ochepa akuti ndangofotokoza, sindinazukute. Mnzanga amene analemba masamba ochepa, osatchula ngakhale za ku Amereka, wapeza 67. Kodi chilungamo chili pati pamenepa?

Kamtedza

Achemwali, yankho lake n'losavuta. Ku yunivesite safuna zimene mabuku ananena, amafuna maganizo anu. Mukanalemba kumapeto kwa ndime iliyonse kuti "ine ndikuganiza kuti", malikisi akanabwera okha.

Bambo_a_Tadala

Ine ndikukayikira Chingerezi. Ochonga ambiri akaona zolakwika za galamala ndi masipelo amatopa msanga, ndipo amangolemba ndemanga iliyonse imene yabwera m'mutu. Mupeze munthu wodziwa chilankhulo azikuwerengerani musanapereke.

Nachisale_Thondwe

Zikomo Bambo a Tadala, koma pa chilankhulo anandipatsa malikisi abwino, ndipo papepala lonse anangozunguliza mawu ochepa. Vuto lili kwina.

MphunzitsiWopuma

A Nachisale, ndaphunzitsa mbiri yakale nthawi yaitali ndipo mapepala ngati lanulo ndachonga ambiri. Musanandiuze zambiri, ndikupemphani mutikopere pano ndime imodzi imene munalemba za thangata, m'Chichewa momwemu, monga mmene ilili. Mutiuzenso kuti pa mawu 1,500 aja, ndi angati amene anatha musanafike pa thangatayo.

Nachisale_Thondwe

Ndawerengera, Aphunzitsi. Mawu pafupifupi 600 anathera pa moyo wa Chilembwe, ndipo ena 400 anathera pa masiku a kuukirako. Ndime ya thangata ndi iyi:

"Thangata inali ntchito imene anthu okhala pa minda ya azungu ankagwira m'malo mwa kulipira lendi. Munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, koma eni minda ankatalikitsa nthawiyo. Pa esiteti ya Bruce ku Magomero ankalima thonje ndi fodya, ndipo woyang'anira anali William Jervis Livingstone, amene ankazunza antchito. Ambiri mwa antchitowo anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Livingstone anawotchanso matchalitchi a Chilembwe amene anamangidwa pa esitetiyo. Kenako mu Januwale 1915 anthu anaukira."

MphunzitsiWopuma

Ndime imeneyi ndi yoona kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo m'pamene pagona vuto lanu. Taiwerenganinso n'kudzifunsa kuti ndi chiganizo chiti chimene munthu wodziwa mbiriyi angatsutsane nacho. Palibe n'chimodzi chomwe. Tsono funso limene munapatsidwa ndi la mtundu woti anthu awiri odziwa bwino nkhaniyi akhoza kuliyankha mosiyana, wina kuti inde, wina kuti ayi, wina kuti inde koma pang'ono. Ngati m'chimangirizo chanu mulibe chiganizo choti munthu angachitsutse, ndiye kuti simunafike pa funsolo, ngakhale mwalemba masamba asanu.

Taonaninso mawu amene alumikiza chiganizo chomaliza ndi zinzake. Mwalemba kuti "kenako". Mawu amenewa amangotiuza kuti china chinachitika pambuyo pa chinzake, pamene funso likufuna kudziwa ngati chinachitika chifukwa cha chinzakecho. Mwaika thangata patsogolo, kuukira pambuyo, n'kusiyira wochonga kuti alumikize yekha ziwirizo. Kulumikizako ndiye ntchito imene ankafuna kukupatsirani malikisi, ndipo mwaisiya m'manja mwake.

Kubwalo la mfumu, mboni imanena zimene inaona ndi dongosolo lake, koma amene akuweruza amatenga umboni womwewo n'kuuyesa, kuti uwu ukulemera, uwu ukutsutsana ndi uja, choncho mlandu wagwera uku. Inu munaitanidwa kudzaweruza, koma mwakhala pa mpando wa mboni.

Ndiyese kulemba ndimeyo mwa njira ina, pogwiritsa ntchito mfundo zanu zomwezo ndi zina zochepa:

"Thangata akufotokoza bwino chifukwa chimene oukirawo analunjika ku Magomero, koma payekha sakufotokoza chifukwa chimene anaukira mu Januwale 1915. Mkwiyo unalunjika kumene ntchitoyi inkapweteka kwambiri, pakuti azungu atatu amene anaphedwa usiku woyamba onse anali a pa minda ya Bruce, ndipo Livingstone, amene ankatalikitsa masiku a ntchito ndi kuwotcha matchalitchi, ndiye ankafunidwa kwambiri. Komabe thangata analipo zaka zambiri chisanafike chaka chimenechi, anapitirira pambuyo pake, ndiponso ankachitika pa minda ina ya ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene anthu sanaukire. Chinthu chimene chinalipo nthawi yonseyi sichingakhale chokha chimene chinasankha mwezi. Chatsopano chinali nkhondo imene inayamba mu 1914: Aafirika anafa pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala, ndipo mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo."

Muona kuti sindinataye mfundo zanu. Livingstone alimo, matchalitchi alimo. Chasintha n'chakuti chiganizo choyamba chikunena chinthu choti munthu angakane, ndipo mfundo iliyonse yotsatira yabwera kudzagwira ntchito, ina kuchirikiza, ina kuika malire.

Kamtedza

Aphunzitsi, mwangonena zomwe ndinanena ine, koma ndi mawu ambiri. Chiganizo chanu choyambacho si maganizo anu kodi?

MphunzitsiWopuma

A Kamtedza, mwagwira theka lake. Ndi zoona kuti wolemba ayenera kuima penapake. Koma taganizani a Nachisale atasiya ndime yawo momwe ilili n'kungowonjezera kumapeto kuti "ine ndikuganiza kuti thangata anali woipa kwambiri ndipo ndiye anayambitsa kuukira". Malikisi sangasunthe, chifukwa maganizowo sakuchokera mu umboni umene uli pamwamba pake, angomatidwapo. Wochonga safuna kudziwa zimene mumakhulupirira. Amafuna kuona njira imene mwayenda kuchoka pa umboni kufika pa chigamulo, kuti ngati mwaphonya athe kuloza pamene mwaphonyerapo. M'ndime yangayo njirayo ikuoneka: ndafunsa za malo, thangata wayankha, ndafunsa za nthawi, thangata walephera kuyankha, ndafunafuna chimene chinasintha, ndapeza nkhondo. Mawu akuti "ine" mulibemo n'komwe.

Mwana_wa_Mbombwe

Pepani, ine ndikuona kuti ndime ya Aphunzitsiyo ikupeputsa thangata. Kwathu ndi ku Chiradzulu, ndipo akuluakulu akamakamba za nthawi imeneyo sakamba za Karonga, amakamba za munda wa mzungu ndi masiku a ntchito osatha. Anthu wamba amene ananyamula mikondo usiku umenewo ambiri anali a pa minda, osati owerenga nyuzipepala. Nkhondo ya 1914 mwina inafulumizitsa zinthu, koma munthu saika moyo wake pachiswe chifukwa cha kalata ya m'nyuzipepala imene boma linaletsanso kuti ifalikire. Mfundo yakuti kwina sanaukire ilinso ndi yankho lake: kwinako kunalibe mishoni ya munthu wakuda yoyandikana ndi esiteti, yokhala ndi masukulu ndi matchalitchi okumanirako. Thangata analipo konsekonse, koma pa Mbombwe pokha m'pamene anthu ake anali ndi wowasonkhanitsa.

MphunzitsiWopuma

A Nachisale, werengani bwino zimene alemba a Mwana wa Mbombwe, chifukwa akuonetsani chinthucho kuposa mmene ine ndachitira. Sanabweretse chaka chatsopano chilichonse. Atenga mfundo yanga yakuti ku minda ina sanaukire, n'kusonyeza kuti ikhoza kutanthauza china: osati kuti thangata anali wochepa mphamvu, koma kuti ankafunika mtsogoleri ndi malo okumanirako. Ndikanakhala ndikuchonga, ndime yawo ndi yanga zonse zikanapeza malikisi apamwamba, ngakhale zikutsutsana.

Koma sindikugonja, achimwene. Taonani anthu amene anali pafupi ndi Chilembwe pokonza za kuukirako. John Gray Kufa anaphunzira za chipatala ku mishoni ya Blantyre ndipo anali ndi munda wakewake, pamene Duncan Njilima anali wamalonda wokhala ndi masitolo. Amenewa sankagwira thangata, komabe anaphedwa ndi boma chifukwa cha kuukirako. Komanso gulu lina linapita ku Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti m'nyumba yosungira katundu ya African Lakes, zimene zikusonyeza kuti cholinga chinali chachikulu kuposa kulanga mzungu mmodzi wa pa esiteti. Wophunzira wanzeru akhoza kugawa funsolo pawiri, kuti thangata akufotokoza otsatira, koma atsogoleri anali ndi madandaulo ena, monga kunyozedwa kwa munthu wakuda wophunzira.

Mwana_wa_Mbombwe

Kugawa kumeneko ndikukuvomera pang'ono, koma popanda otsatirawo atsogoleri akanangokhala anthu odandaula m'makalata. Kwa ine gwero lalikulu ndi limene linapereka anthu. Tisiyane pomwepo, Aphunzitsi.

NamwinoWaMawa

Ine ndimaphunzira za unamwino, ndipo ndemanga yomweyi ndinaipezapo pa lipoti la wodwala. Ndinalemba zonse zimene ndinayeza, kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, mankhwala amene anapatsidwa ndi nthawi yake, koma sindinanene kuti zizindikirozo pamodzi zikuloza ku chiyani, kapena chifukwa chimene tinayambira chithandizo ichi osati icho. Amene ankatiphunzitsa anati zimene ndalembazo zili kale pa tchati cha pa bedi, ndipo safunika wophunzira kuti azikopere. Komabe ndifunse: kwa ife kufotokoza molondola n'kofunika kwambiri, ndipo ukasiya muyezo umodzi ukhoza kupweteketsa munthu. Kodi ku mbiri yakale mukunena kuti kufotokoza kulibe malikisi?

MphunzitsiWopuma

Ayi, mayi, kuli ndi malikisi, ndipo 48 ya a Nachisale yachokera kumeneko. Wochonga anaona kuti awerenga ndipo akuidziwa nkhaniyo, n'kuwapatsa zonse zimene kudziwako kungagule. Chovuta n'chakuti kufotokoza kuli ndi denga. Mukafika pamene wochonga wakhutira kuti nkhaniyo mukuidziwa, chaka china chilichonse chimene mungawonjezere sichikweza kanthu, pakuti mapepala onse a m'kalasimo ali ndi zaka zomwezo, zochokera m'mabuku omwewo ndi manotsi omwewo. Munthu amene wachonga mapepala makumi angapo amakhala atawerenga za ulendo wa ku Amereka kambirimbiri, ndipo sungamuthandize kusiyanitsa wophunzira ndi mnzake. Choipa china n'chakuti mawu ali ndi malire. Mawu 1,000 amene anathera pa moyo wa Chilembwe ndi pa masiku a kuukira ndi omwewo amene akanayesera thangata pambali pa nkhondo, msonkho, njala ya m'zaka za 1912 ndi 1913, ndi za chipembedzo. Mnzawo uja sanapeze 67 chifukwa cholemba zochepa, koma chifukwa malo amene anapulumutsa anawagwiritsa ntchito poyankha.

Ndipo kuzukuta kopanda kufotokoza nakonso kumagwa. Wophunzira amene angalembe kuti thangata anakwiyitsa anthu, osanena kuti ntchitoyo inali yotani, ankaigwira ndani ndiponso kuti, ndiye kuti akuweruza popanda umboni. Muyezo umene ine ndinkapatsa ophunzira anga ndi wakuti ufotokoze zokhazo zimene chiganizo chako chotsatira chidzatsamire. Ulendo wa ku Amereka ukhoza kulowa m'chimangirizochi ngati mukufuna kunena kuti maganizo a Chilembwe pa za ufulu wa munthu wakuda anayamba asanakangane ndi a ku Magomero. Pamenepo ukukhala umboni wotsutsa thangata, ndipo ziganizo ziwiri zikwanira. Ukangolowa chifukwa unachitika, ndi katundu wolemetsa chabe.

Chikumbutso94

Ine mlandu ndikuuika pa mmene tinaphunzirira ku sekondale. Kumeneko tinazolowera kuti funso la malikisi khumi limafuna mfundo zisanu, iliyonse ndi kachiganizo kofotokozera, ndipo amene waloweza mfundo zambiri ndiye amakhoza. Palibe anatiuza kuti tinene mfundo imene ikuposa inzake. Ndiye munthu wakhoza bwino Fomu 4 ndi njira imeneyo, miyezi ingapo pambuyo pake akumuuza kuti njirayo ndi yolephera. Ine ndinapeza njira yachidule: pambuyo pa mfundo iliyonse ndimalemba kuti "izi zikusonyeza kuti" kapena "chifukwa chake", ndipo malikisi anga anakwerako.

Kamtedza

Imeneyo ndiye nzeru, osati zotalikitsa.

MphunzitsiWopuma

A Chikumbutso, pa za sekondale sindikutsutsani kwambiri, ngakhale kuti mafunso ena kumeneko amafunadi kungotchula kapena kufotokoza, ndipo wophunzira amene wafotokoza pamenepo wachita zimene anauzidwa. Cholakwika ndi kutenga njira ya funso lina n'kukayankhira funso la mtundu wina.

Koma njira yanu yachiduleyo muisamale. Imathandiza pokhapokha ngati mawuwo akukukakamizani kuganiza chimene chikubwera pambuyo pake. Nthawi zambiri ndinkapeza zotere: "Livingstone ankazunza antchito. Izi zikusonyeza kuti antchito ankazunzidwa pa esiteti." Chiganizo chachiwiricho changobwereza choyamba. Njira yodziwira ndi kuphimba ndi chala chiganizo chimene chili ndi "izi zikusonyeza kuti", n'kuona ngati ndimeyo yataya kanthu. Ngati sinataye, simunazukute. Chikanakhala chakuti "izi zikusonyeza chifukwa chimene oukirawo anapha amuna a pa esiteti koma osapweteka akazi ndi ana a azungu amene anawagwira, pakuti mkwiyo unali pa oyendetsa ntchito", pamenepo chanena chinthu chatsopano, choti a Mwana wa Mbombwe akhoza kuchivomera kapena kuchikana.

Bambo_a_Tadala

Ndamva tsopano kuti si galamala. Koma kodi wophunzira wa chaka choyamba ali ndi mphamvu yanji yogamula nkhani imene akatswiri sanagwirizanepo? Ine ndikanaopa kuti ndikasankha mbali yosiyana ndi ya wochonga andilanga.

NamwinoWaMawa

Mantha amenewo ndi enieni, Bambo. Ambirife timabisala m'kufotokoza chifukwa pamenepo palibe angakugwire kuti walakwa.

Chikumbutso94

Ndipo ochonga ena amalangadi, tisanamizane. Si onse amene amakondwa ukatsutsa manotsi awo.

MphunzitsiWopuma

Otero alipo, sindingakane, ndipo ndilibe mankhwala ake otsimikizika. Chimene ndinganene n'chakuti chigamulo sichiyenera kukhala cha inde kapena ayi wopanda malire. Mukhoza kulemba kuti thangata ndiye akufotokoza bwino malo ndi otsatira, pamene nkhondo ikufotokoza bwino nthawi, kenako n'kunena chimene mwa ziwirizi mukuchiona cholemera ndi muyezo umene mwagwiritsa ntchito. Mukaika poyera mfundo yamphamvu ya mbali imene simunaisankhe, n'kuiyankha mwaulemu, ngakhale wochonga wa mbali imeneyo amavutika kukuchotserani zambiri, chifukwa waona kuti mfundo yake mwaimva.

Nachisale_Thondwe

Ndayesa kulembanso chiyambi, mundiuze ngati chalunjika: "Chimangirizo chino chikunena kuti thangata ndiye anapereka anthu ndi malo a kuukira kwa 1915, koma nkhondo ya 1914 ndiyo inasandutsa madandaulo akale kukhala kuukira. Pofuna kusonyeza zimenezi, chiyerekeza Magomero ndi minda ina, chiona amene anatsogolera ndi amene anatsatira, kenako chiona zimene zinasintha pakati pa Seputembala 1914 ndi Januwale 1915." Chimene chikundivutabe ndi njala ya 1912 ndi 1913. Sindikudziwa ngati ndiiike pansi pa thangata, poti inakankhira anthu ambiri ochokera ku Mozambique ku minda ya azungu, kapena ikhale gwero palokha.

MphunzitsiWopuma

Chiyambicho chalunjika, ngakhale simunanenebe poyera ngati thangata ndiye wamkulu kapena ayi, ndipo funso likufuna mawu amenewo. Za njalayo, ine ndikanaiika pansi pa thangata m'ziganizo ziwiri, monga chimene chinachulukitsa anthu opanda kothawira amene eni minda akanatha kuwapanikiza.

Mwana_wa_Mbombwe

Mukatero, a Nachisale, dziwani kuti mwawonjezera kulemera kwa thangata, ndipo chiganizo chanu choyamba chiyenera kusintha kuti chigwirizane ndi zimenezo. Ine ndikanapatsa njalayo ndime yakeyake, chifukwa inakhudzanso anthu a m'midzi imene sinali pa esiteti, amene msonkho wa nyumba unkawadikirabe ngakhale nkhokwe zinali zopanda kanthu.